Nseru ya miyezi yoyamba ya pakati, ndi fungo lomwe limaiputa: mafunso ndi mayankho

Amayi ambiri amadziwa kuti aima asanapite n'komwe kukayezetsa. Amadziwira kukhitchini. Anyezi yemwe akhala akukazinga tsiku ndi tsiku amangosanduka mdani, poto wa usipa sayandikirika, ndipo sopo yemweyo wa masiku onse amawathamangitsa m'bafa. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amayi ndi amuna awo amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi.

Ndangophonya msambo umodzi, koma nseru yayamba kale. Kodi si msanga kwambiri? Nanga idzatha liti?

Si msanga. Kusikelo amawerenga masabata a pakati kuyambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, osati tsiku lomwe munaima. Ndiye pomwe mukuzindikira kuti mwezi wadutsa, mumakhala muli kale pa sabata ya 4 kapena ya 5. Nseru imakonda kuyamba pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7, imafika pachimake cha m'ma sabata ya 9, kenako imayamba kuzilala. Kwa amayi 9 mwa 10 alionse imakhala itatha pofika sabata ya 20, ndipo ambiri amapeza mpumulo sabata ya 16 isanakwane.

Tiyerekeze kuti msambo wanu womaliza unayamba pa 1 Malichi. Masabata 6 akwana pa 12 Epulo, ndipo apo nseru ikhoza kukhala itayamba. Masiku ovuta kwambiri agwera kumayambiriro kwa Meyi, chifukwa masabata 9 akwana pa 3 Meyi. Masabata 16 akwana pa 21 Juni. Kuwerengera kotereku kumathandiza pa zinthu ziwiri: mumadziwa kuti mukufunika wokuphikirani kwa masabata angati, komanso mumatha kuona ngati kusanza kwanu kwabwera pa nthawi yachilendo. Kusanza komwe kwayamba koyamba masabata 11 atadutsa si kwa pakati mpaka achipatala atafufuza kaye zina.

Pali amayi ochepa omwe nseru imawaperekeza mpaka tsiku lochira. Iwowa asauzidwe kuti akudziyambitsa dala.

Anzanga amati ndi nseru ya m'mawa. Ine imandigwira madzulo, nthawi zina tsiku lonse.

Dzinalo ndi lonamiza. Amayi 7 kapena 8 mwa 10 alionse oyembekezera amachita nseru, koma omwe imawagwira m'mawa mokha ndi ochepa. M'mawa zimaonekera kwambiri chifukwa m'mimba mwagona mopanda kanthu usiku wonse. Madzulo nako kuli zake: thupi latopa, ndipo ndi nthawi yomwe nyumba iliyonse pamdadada yayatsa mbaula n'kuyamba kukazinga.

Chimayambitsa nseruyi n'chiyani kwenikweni? Vuto lili m'mimba?

Gwero lake silili m'mimba. Lili mu nsengwa, chiwalo chija chomwe chimamera m'chiberekero kuti chizidyetsa mwana, ndipo kumene uthenga wake umakafikira ndi ku ubongo.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaloza chala homoni yotchedwa hCG, yomwe ija imatulutsa mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mkodzo. Chifukwa chake chinali chomveka: hCG imachuluka kwambiri pakati pa sabata ya 9 ndi ya 12, nthawi yomweyo imene nseru imakula, ndipo amayi a mapasa, omwe amakhala nayo yambiri, amavutikanso kwambiri. Koma panali chosokoneza. Amayi awiri okhala ndi mulingo wofanana wa hCG amatha kusiyana kotheratu, wina akusanza kakhumi patsiku, mnzake akudya nsima ndi kuwonjezera.

Yankho lomveka bwino linabwera mu Disembala 2023, pomwe gulu la akatswiri motsogozedwa ndi Marlena Fejzo wa ku Amerika ndi Stephen O'Rahilly wa ku yunivesite ya Cambridge linafalitsa kafukufuku wa homoni ina yotchedwa GDF15. Homoniyi aliyense ali nayo pang'ono m'magazi, amuna omwe. Mayi akaima, nsengwa imayamba kuitulutsa yambirimbiri, ndipo kafukufukuyo anapeza kuti pafupifupi yonse imachokera ku mbali ya mwana, osati ya mayi. Imayenda ndi magazi mpaka kukafika pa kachigawo kakang'ono ka ubongo, kunsi kwenikweni cha kunkhongo, komwe ntchito yake ndi kulawa magazi. Kachigawoka kakamva chinthu chokayikitsa, monga poizoni, kamalamula kuti munthu achite nseru, adane ndi chakudya, asanze. GDF15 imagogoda pakhomo pomwepo.

Chomwe chinadabwitsa ndi chakuti kuchuluka kwa homoniyi pa nthawi ya pakati si nkhani yonse. Zimatengeranso kuti thupi la mayiyo linaizolowera motani kale. Mayi yemwe mwachibadwa amakhala ndi GDF15 yochepa asanaime ndiye amadzidzimuka kwambiri ikakwera. Amayi omwe ali ndi matenda ena a magazi otchedwa talasemiya, omwe amakhala ndi GDF15 yambiri moyo wawo wonse, akaima sachita nseru kawirikawiri. Zili ngati munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Dedza atakumana ku Nchalo mwezi wa Okutobala: dzuwa ndi limodzi, koma wolira ndi mmodzi.

Mimba nayo ili ndi gawo lake, ngakhale ndi laling'ono. Homoni ya purojesiteroni imafewetsa minofu ya njira ya chakudya, motero chakudya chimachedwa kutsika ndipo kakhomo ka pamwamba pa chifu sikatseka zolimba. N'chifukwa chake mukakhuta kwambiri zimabwerera, ndipo chilungulira chimakhala pafupi.

Ndimamva kuti aneba akukazinga mazira ndili m'chipinda, chitseko chotseka. Kodi mphuno ya mayi woyembekezera imanoledwa?

Funso ili ndi lomwe lili pamtima pa nkhani yonse, ndipo yankho lake si lomwe ambiri amayembekezera.

Mukawafunsa amayi eni ake, ambiri amati inde. Pa kafukufuku wina wa ku Sweden wa mu 2004, pafupifupi amayi awiri mwa atatu alionse omwe pakati pawo panali pang'ono ananena kuti akumva fungo kwambiri kuposa kale. Koma akatswiri akawayesa, powanunkhitsa mabotolo okhala ndi fungo losungunulidwa pang'onopang'ono mpaka litatsala pang'ono kuzimiririka, zotsatira sizisonyeza motsimikizika kuti oyembekezera amatola fungo lochepa kuposa amayi ena. Chomwe chimapezeka kawirikawiri ndi chakuti amaliweruza mosiyana. Fungo lomwe kale linali lokoma kapena losalabadirika tsopano limamveka lamphamvu ndi lonyansa.

Ine ndimazimva motere. Masiku onse mphuno imatola mafungo ambirimbiri, koma ubongo umataya ambiri mwa iwo osakuuzani. Fungo la nyumba yanu simulimva. Mlendo ndiye amalimva. Mazira a aneba mwakhala mukuwanunkhiza zaka zonsezi, kungoti ubongo sunkaona chifukwa chokusokonezerani nawo. Tsopano kachigawo ka nseru kaja kali tcheru usana ndi usiku chifukwa cha homoni. Kali ngati ndowa yodzaza mpaka m'milomo, yomwe kadontho kamodzi kokha kamaisefukiritsa. Fungo ndiye kadonthoko. Mphunoyo mwina ndi yomwe ija, chasintha ndi mlonda amene akulandira uthenga.

Pali chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimapangitsa kuti mndandanda wa zonunkha uzikula sabata ndi sabata. Ubongo umaphunzira msanga kwambiri kulumikiza nseru ndi chilichonse chomwe munadya kapena kununkhiza pa nthawiyo. Aliyense amene anadwalapo atadya chakudya china amadziwa zimenezi: kamodzi kokha n'kokwanira kuti adane nacho zaka. Kwa munthu wosayembekezera phunziroli ndi lothandiza, chifukwa limamuteteza kuti asadyenso chowola. Kwa woyembekezera limalakwitsa. Nseru yabwera ndi homoni, koma ubongo umafuna wolakwa, ndipo umagwira chomwe chili pafupi. Ngati tsiku lomwe munasanza koyamba munali mutadzola mafuta ena ake, mafutawo amangidwa mlandu. Mawa mukangotsegula botolo, nseru yafika musanadye chilichonse. Ena zimafika poti kungoona chithunzi cha chakudyacho pa foni, kapena kumva wina akuchitchula, mtima uli m'mwamba.

Kuchokera apa pali langizo lomwe anthu salipereka kawirikawiri. Chakudya chomwe mumachikonda kwambiri, kapena chomwe banja limadalira, musachikakamize pa tsiku lomwe nseru yakula. Mukachisanza kawiri katatu, mukhoza kudana nacho mpaka mwana atabadwa.

Anthu ambiri amanena kuti homoni ya esiturojeni ndiyo imanola mphuno. Ndi maganizo omwe amamveka bwino, koma esiturojeni imapitiriza kukwera mpaka kumapeto kwa pakati, pomwe kudana ndi fungo kumachepa miyezi itatu kapena inayi ikatha.

Bwanji usipa, nyama ndi zokazinga ndizo zimavuta, pomwe mango aawisi ndi bwemba zimatsika bwinobwino?

Pali zifukwa ziwiri, chimodzi cha m'poto ndi china chomwe akatswiri akukanganabe.

Cha m'poto n'chosavuta. Fungo ndi tizidutswa tating'onoting'ono ta chinthu tomwe tauluka n'kulowa m'mphuno, ndipo kutentha kumatiulutsa tambiri. Mafuta otentha amaposa madzi owira kutentha, ndipo utsi wake umakakamira pa makatani, m'tsitsi ndi pa chitenje, kotero fungo limatsala m'nyumba chakudya chitadyedwa kale. Nsomba zimatulutsa mpweya wa m'gulu limodzi ndi amoniya, womwe umachuluka nsomba ikakhalitsa. N'chifukwa chake bonya kapena utaka wouma umamveka patali. Anyezi, adyo, kabichi ndi mazira zili ndi salifa, chinthu chomwe chimazipatsa fungo lamphamvu. Mango aawisi, bwemba, malambe ndi mandimu zimadyedwa zozizira, fungo lake siliuluka kwambiri, ndipo kuwawasa kumachotsa kakomedwe koipa kangati ka chitsulo komwe amayi ambiri amakamva m'kamwa. Mandimu amachepetsanso fungo la nsomba lenilenilo, chifukwa asidi wake amagwira mpweya uja kuti usauluke.

Chifukwa chachiwiri chinafotokozedwa mu 2000 ndi Samuel Flaxman ndi Paul Sherman a ku yunivesite ya Cornell. Iwo anaona kuti zomwe oyembekezera amadana nazo kwambiri m'mayiko osiyanasiyana ndi nyama, nsomba, nkhuku ndi mazira, zakudya zomwe kale kusanabwere mafiriji zinkaola msanga ndi kunyamula tizilombo. Anaonanso kuti nseru imakula pa masabata omwe ziwalo za mwana zikuumbika, pomwe mwanayo savuta kuvulala. Ganizo lawo linali lakuti nseru ndi chitetezo. Ndi ganizo lokopa, koma silinatsimikizike, ndipo ine sindikonda momwe ena amaligwiritsira ntchito, pouza mayi yemwe akuonda kuti apirire chifukwa thupi likudziwa chomwe likuchita. Thupi lomwe likukana ngakhale madzi silikuteteza aliyense.

Ndikuchita manyazi kufunsa. Fungo la amuna anga likundisanzitsa. Iwo akhumudwa, ndipo apongozi ayamba kunena kuti mwana wadana ndi bambo ake.

Zimachitikira amayi ambiri, kungoti sizikambidwa pagulu. Mwana wa masabata 8 ndi wamkulu ngati nyemba imodzi, sadziwa bambo ake. Chomwe chikuchitika ndi chomwe tafotokoza pamwambapa: munthu yemwe mumagona naye pafupi ndi amene amakhalapo nseru ikamakugwirani usiku ndi m'bandakucha, ndiye ubongo wamuphatikiza pa mlandu.

Kawirikawiri si munthuyo koma chinthu chimodzi pa iye. Fufuzani limodzi: perefyumu, mafuta odzola, sopo, malaya a kuntchito, fodya, mowa, kapena mpweya wa m'kamwa atadya anyezi. Bambo, musakwiye nazo. Mukafika sambani ndi sopo wopanda fungo, malaya a kuntchito muwasiye kunja kwa chipinda, perefyumu muyambe mwamuika padera mpaka mwezi wachisanu. Ngati pakufunika kugona motalikirana pang'ono kwa masabata angapo, banja silinathe.

Ndilibe wantchito, ndipo ana ndi bambo awo ayenera kudya. Ndiphika bwanji?

Titenge chitsanzo cha mayi wa ana awiri, wokhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yemwe ali pa sabata ya 8. Amaphikira pa mbaula pakhonde lotchingidwa, ndiwo za masiku ambiri ndi usipa wokazinga ndi anyezi ndi tomato, ndipo amasanza katatu patsiku: akangodzuka, pophika masana, ndi pophika madzulo.

Choyamba, kwa masiku awiri angolemba kapepala: wachita nseru nthawi yanji, anali kuti, kunkamveka fungo lanji, anali atadya liti komaliza. Kapepalako kamaulula zambiri. Kwa iyeyu katha kuonetsa kuti kusanza kwa m'mawa n'kwa njala, pomwe kwa masana ndi madzulo kumayamba pa zinthu ziwiri zokha: poyatsa makala ndi mapulasitiki kapena parafini, ndi pomwe anyezi wagwera m'mafuta. Nsima yeniyeniyo siimuvuta.

Ndiye sipafunika kusiya kuphika konse. Mbaula ituluke pabwalo, ndipo iye akhale mbali yomwe mphepo ikuchokera. Moto ayatse wina, iye abwere makala atayaka, utsi utatha. Ndiwo zonunkha ziphikidwe kamodzi patsiku, madzulo, ndi bambo kapena m'bale, iye ali kwina, ndipo za mawa azitenthetse mpaka ziwire asanadye. Masiku omwe palibe womuthandiza, aphike zowiritsa poto ali chivindikire: nyemba, nandolo, nkhwani wotendera, osakazinga anyezi poyamba. Asapite pamoto ndi njala. Adye kaye kambatata kapena nthochi. Mbale ndi mapoto zitsukidwe nthawi yomweyo, zinyalala zitayidwe kutali, ndipo chitenje chophikira chisalowe kuchipinda.

Pakudya, chakudya chake achisiye chizizire pang'ono mpaka nthunzi itasiya kutuluka, ndipo ngati banja likudya usipa, iye adyere panja kapena adye nthawi ina. Apa chenjezo limodzi: chozizira sichitanthauza chogona. Mkute ndi ndiwo zomwe zakhala tsiku lonse pa kutentha zikhoza kumutsegula m'mimba, n'kuwonjezera vuto pa vuto.

Akachita zonsezi nseru siitha, popeza homoni ikadalipo. Koma kutsika kuchoka pa kusanza katatu kufika kamodzi ndiko kusiyana kwa mayi yemwe akusunga chakudya ndi yemwe akuonda.

Nanga mu minibasi?

Mu minibasi mumakumana adani atatu nthawi imodzi: fungo la mafuta a galimoto ndi la anthu, kutentha, ndi kugwedezeka. Amayi omwe ankachita kale chizungulire m'galimoto ndiwo amavutika kwambiri akaima. Pemphani mpando wakutsogolo kapena wa pawindo, yang'anani kutali m'malo moyang'ana foni, ndipo musakwere ndi m'mimba mopanda kanthu. Ambiri amathandizika ndi khoko la ndimu kapena lalanje m'kampango, lofinya pafupi ndi mphuno. Jumbo ndi botolo la madzi zisasowe m'chikwama.

Ndidye chiyani, ndimwe motani?

M'mimba musakhale mopanda kanthu, komanso musadzaze. Idyani pang'ono pa maola awiri kapena atatu alionse. Usiku ikani pafupi ndi bedi chouma, monga mabisiketi osatsekemera kwambiri, buledi kapena chimanga chokazinga, mudye musanadzuke, mukhale kaye mphindi 15 kapena 20. Mtedza pang'ono kapena nyemba zimakhalitsa m'mimba kuposa tiyi wa shuga yekha. Pa masabata amenewa musade nkhawa kuti simukudya magulu onse a zakudya. Chomwe chikutsika ndicho chakudya chanu, ndipo mudzabwezera nseru ikatha.

Madzi ndiwo ofunika kuposa nsima. Imwani pang'onopang'ono, pakati pa chakudya ndi chakudya osati pamodzi nacho, ozizira ngati mungathe, mutafinyiramo ndimu ngati madzi okha akukunyansani. Tsiku lomwe mwasanza kangapo, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimwa ndi supuni kapena pang'onopang'ono pa kapu. Mukagugudiza kapu yonse, ibwerera yonse.

Jinja amathandiza amayi ena omwe nseru yawo si yaikulu, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse linamuika pa malangizo ake a sikelo a mu 2016, pamodzi ndi vitamini B6. Mulingo womwe wayesedwa kwambiri ndi pafupifupi galamu imodzi ya ufa wake patsiku, yogawa kanayi, kutanthauza kuti patsiku lonse ndi pafupifupi theka la supuni yaing'ono. Tizidutswa tingapo ta jinja wamuwisi m'madzi otentha tikwanira. Akamakupatsani chilungulira, musiyeni. Kwa mayi yemwe akusanza chilichonse, jinja sathandiza, ndipo kumuumiriza kumangomuchedwetsa kupita kuchipatala.

Mukasanza musatsuke mano nthawi yomweyo, chifukwa asidi wa m'mimba amafewetsa mano ndipo mswachi umawapala. Chukuchani ndi madzi, kapena ndi kapu ya madzi yothiramo supuni yaing'ono ya soda, mudzatsuke pakapita kanthawi. Malovu akamachuluka, kulavulira m'kachitini si uve. Kuwameza kumawonjezera nseru.

Mapiritsi owonjezera magazi omwe anandipatsa kusikelo akundisanzitsa. Ndisiye?

Musasiye mwakachetechete. N'zoona kuti ayironi amaputa nseru, makamaka akamwedwa m'mawa m'mimba muli mbee. Yesani kumwa usiku pogona, mutadya kanthu, ndi madzi osati tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Zikakanikabe, auzeni anamwino. M'piritsi lomwelo mumakhalanso foliki asidi, yemwe amafunika kwambiri masabata oyambirira pomwe msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika, ndiye iwo ndi amene angaone ngati mungapumire ayironi kwa kanthawi popanda kutaya mbali inayo.

Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a TB, kusanza si nkhani yodikira. Mankhwala omwe akubwerera sakugwira ntchito. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, mukanene kuti mumasanza patapita nthawi yaitali bwanji mutamwa, ndiponso ngati piritsilo mumaliona m'masanzi. Fansida wopewera malungo amayamba pa sabata ya 13. Ngati tsiku lomwera lafika mukusanzabe, nenani musanamwe.

Ndidziwa bwanji kuti izi zapyola nseru wamba?

Pali mtundu woopsa womwe achipatala amautcha haiparemesisi. Umagwira mayi mmodzi mpaka atatu mwa 100 alionse. Chizindikiro chake chachikulu si kuchuluka kwa kusanza kokha, koma kuti mayi akulephera kudya ndi kumwa, ndipo ntchito zake za tsiku ndi tsiku zaima.

Sikelo yoyezera thupi ndiyo mboni yabwino. Mayi yemwe asanaime ankalemera makilogalamu 60, akatsika ndi makilogalamu 3 wataya 5 pa 100 ya thupi lake, ndipo pamenepo ndi pa malire. Ngati pa sabata ya 7 buku lake la kuchipatala linalembedwa 60, ndipo pa sabata ya 10 sikelo ikuti 56, wadutsa kale malirewo, ngakhale iye akunena kuti akupirira. Wa makilogalamu 50 malire ake ndi makilogalamu awiri ndi theka.

Kunyumba kopanda sikelo, yang'anani mkodzo. Ukakhala wochepa, wakuda ngati tiyi, kapena mukatha maola 8 osakodza, madzi atha m'thupi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwatha maola 24 chilichonse chikubwerera, ngati mukuchita chizungulire kapena kukomoka mukaimirira, ngati mtima ukuthamanga, kapena ngati m'masanzi muli magazi.

Palinso zizindikiro zomwe zimasonyeza kuti mwina si nseru ya pakati n'komwe. Kutentha thupi, kuzizidwa ndi mutu: kayezetseni malungo, omwe kwa woyembekezera ndi oopsa kwambiri ndipo amabisala mosavuta kumbuyo kwa mawu akuti "ndi mimba". Kupweteka pokodza kapena m'chiuno cha kumsana kungakhale matenda a njira ya mkodzo. Kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kapena kutaya magazi, kumafuna kujambulidwa msanga. Maso achikasu, kutsegula m'mimba, zonsezi si za nseru wamba. Ndipo kusanza komwe kwayamba pakati patakula, kuchokera sabata ya 20 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kupweteka pansi pa nthiti, kungakhale kuthamanga kwa magazi koopsa. Kumeneko musadikire kuti kuche.

Kuchipatala akandichita chiyani? Mankhwala oletsa kusanza sangavulaze mwana?

Akuyezani thupi pa sikelo, kuthamanga kwa magazi, mkodzo ndi malungo, ndipo komwe kuli makina akujambulani kuti aone ngati ndi mapasa, kapena ngati nsengwa yakula molakwika popanda mwana wabwino, zomwe zimabweretsanso kusanza koopsa. Ngati madzi atha m'thupi akuikani diripi ya madzi a mchere. Mayi yemwe wasanza masabata angapo amafunikanso vitamini B1, makamaka asanalandire diripi ya shuga, chifukwa vitaminiyu satenga nthawi kutha m'thupi ndipo akasowa ubongo umavulala. Achibale akaona kuti wodwalayo wayamba kusokonezeka, kudzandira kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, anene msanga.

Mantha a mankhwala ali ndi pochokera. Pakati pa 1957 ndi 1961 mankhwala otchedwa thalidomaidi anapatsidwa kwa amayi oyembekezera m'mayiko ambiri, ena pofuna kuletsa nseru yomweyi, ndipo ana oposa 10,000 anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Kuchokera pamenepo mankhwala a oyembekezera amalondolozedwa mosamala. Omwe amaperekedwa lero, monga prometazini ndi metokulopramaidi, agwiritsidwa ntchito kwa zaka makumi ambiri osaonetsa kuti amalumalitsa ana. Ali ndi zovuta zake: prometazini amagonetsa, ndipo metokulopramaidi amaperekedwa kwa masiku owerengeka okha chifukwa kwa ena amaumitsa khosi ndi nsagwada. N'chifukwa chake ayenera kulembedwa ndi wachipatala yemwe akudziwa kuti muli ndi pakati, osati kugulidwa pa golosale kapena kupatsidwa ndi mnzanu yemwe anatsala nawo. Chimodzimodzi mizu ndi masamba a kwa asing'anga: mulingo wake sudziwika, ndipo masabata amenewa ndi omwe ziwalo za mwana zikuumbika.

Apongozi akuti kusanza kotereku ndi mwana wamkazi. Mchemwali wanga sakuchita nseru n'komwe, ndipo akuopa kuti mwina pathupi pake sipali bwino.

Apongozi sakunama kotheratu. Mwa amayi omwe amagonekedwa m'chipatala chifukwa chosanza, obereka ana aakazi amachulukirapo pang'ono. Koma kusiyanako n'kochepa moti simungagulire zovala.

Mchemwali wanu amasuke. N'zoona kuti powerengera amayi ambiri pamodzi, omwe amachita nseru sapita padera kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Koma amayi awiri kapena atatu mwa 10 alionse sachita nseru, ndipo ambiri mwa iwo amabereka ana athanzi. Chomwe chiyenera kumupititsa kuchipatala ndi magazi kapena kupweteka m'mimba, osati kudya bwino.

Pakati panga poyamba ndinagonekedwa kawiri. Ndikaimanso zidzabwerera?

Mwayi woti zibwerere ndi waukulu, ndipo zimayenda m'banja: ngati mayi anu kapena mchemwali wanu anavutika, inunso muli pafupi nazo. Ubwino wake ndi wakuti ulendo uno mukudziwa tsiku. Yambani kumwa foliki asidi musanaime. Dziyezeni pa sikelo, mulembe nambalayo, kuti padzakhale poyambira kuwerengera. Mukangoona mizere iwiri, pitani kusikelo sabata yomweyo ndi buku lanu lakale, muwaonetse anamwino masamba omwe munagonekedwa, ndipo mufunse za mankhwala oletsa kusanza nseru ikangoyamba, chifukwa amagwira bwino thupi lisanafooke. Kunyumba, kambiranani ndi m'bale yemwe angabwere kudzagwira mbaula kuyambira sabata ya 6 mpaka ya 14, ndipo mafuta odzola ndi sopo omwe anakusanzitsani ulendo wapita achoke m'nyumba asanakupezeni.